Munda Wopanda Ngodya Zinayi: Kupeza Kukula Kwake ndi GPS ya M'manja

Munda wa amalume anga unkadziwika kuti ndi wa maekala atatu. Palibe amene anauyezapo. Agogo anatero, ndipo aliyense anangotengera pomwepo. Aganyu ankalipidwa pa maekala atatu, feteleza ankagulidwa wa maekala atatu, ndipo chimanga chikachepa m'nkhokwe mlandu unkagwera mvula. Tsiku lomwe tinauzungulira ndi kachipangizo ka GPS kokwana m'dzanja, tinapeza kuti ndi maekala awiri ndi theka.

Minda yathu yambiri siikhala ya ngodya zinayi ngati bwalo la mpira. Malire amayambira pa chulu, nkutsetsereka kufika pa mtengo wa mango, nkukhotera kumene kuli khonje, nkubwerera motsata njira ya kudambo. Munda wotere sungaupeze kukula kwake pochulukitsa mulitali ndi mulifupi, chifukwa mulitali wake weniweni palibe. Koma ngati mwadziwa pamene ngodya iliyonse ili, pali masamu osavuta amene amapereka yankho, ndipo mwana wa sitandade 8 akhoza kuwachita pa pepala.

Musanaponde m'munda, yambani mwakonza chipangizocho. Zambiri mwa izo zimabwera zikuonetsa malo mu madigiri, ndipo madigiri si mamita. Chakuno ku Lilongwe, digiri imodzi yolowera kumpoto ndi makilomita pafupifupi 110.6, pamene yolowera kum'mawa ndi pafupifupi 108. Mukaika manambala otere m'masamu athuwa, chotuluka sichikhala masikweya mita. Choncho pitani pamene pamasinthidwa kaonetsedwe ka malo, musankhe UTM. Njira imeneyi imagawa dziko lapansi m'zigawo 60, ndipo Malawi yense ali m'chigawo cha 36. Pa sikirini mudzaona 36L, kapena 36K ngati muli kumunsi monga ku Nsanje, kenaka manambala awiri. Yoyamba, ya madijiti asanu ndi imodzi, ikunena za kum'mawa. Yachiwiri, ya madijiti asanu ndi awiri, ikunena za kumpoto. Zonsezo zili m'mamita, ndipo ubwino wake wagona pamenepo. Onaninso kuti pa Datum palembedwa WGS 84, ndipo musasinthe mpaka mutamaliza. Mapu akale a boma anajambulidwa pa Arc 1950, ndipo kusakaniza manambala a pa mapu oterowo ndi a m'chipangizo kumasuntha malo ndi mamita ochuluka ndithu.

Tsiku limenelo tinayatsa chipangizo tili pambalambanda nkuchisiya kwa mphindi zingapo kuti chigwire masetilaiti okwanira. Amalume anatsogola chifukwa ndiwo odziwa malire, ndipo tinaitananso eni munda woyandikana nawo, pakuti malire oyeza munthu uli wekha amabala milandu. Pa ngodya iliyonse ndinkaima chilili, chipangizo nditachigwira patsogolo kuti thupi langa lisachitchinge, ndikudikira kuti manambala asiye kuvinavina, kenaka nkudina Mark. Ndinkalembanso manambalawo m'kope, pamodzi ndi dzina la malowo. Pa mtengo wa mango panativuta. Pansi pa masamba ake ochindikala, chipangizo chinkaonetsa kuti chikhoza kuphonya ndi mamita 9, pamene poyera chinkanena mamita 3. Tinadikira nthawi yotalikirapo, nkutenga manambala kangapo, kenaka tinasankha apakatikati.

Ngodya zinalipo zisanu, ndipo tinazilemba motsatana, monga momwe tinayendera:

```
A  584120  8454300
B  584210  8454315
C  584235  8454380
D  584170  8454420
E  584110  8454375
```

Manambala akuluakulu chonchi amaopsa, koma mbali yake yaikulu ndi yofanana pa ngodya zonse, ndipo ikungonena kuti mundawo uli kuti pa dziko. Ife tikufuna kukula kwake basi. Ndiye chotserani 584100 pa manambala onse a kum'mawa, ndi 8454300 pa onse a kumpoto. Mundawo sunasinthe, mwangousendeza pafupi. Lembaninso A kumapeto kuti mpanda utsekeke:

```
A   20    0
B  110   15
C  135   80
D   70  120
E   10   75
A   20    0
```

Tsopano chulukitsani mopingasa, monga momwe chingwe cha nsapato chimalowera uku ndi uku. Poyamba tengani nambala ya kumanzere ya mzere uliwonse, muichulukitse ndi ya kumanja ya mzere wotsatira. Kenaka chitani mosemphanitsa: ya kumanja ya mzere uliwonse, ndi ya kumanzere ya mzere wotsatira.

```
20×15 + 110×80 + 135×120 + 70×75 + 10×0 = 30550
0×110 + 15×135 + 80×70 + 120×10 + 75×20 = 10325
(30550 − 10325) ÷ 2 = 10112.5
```

Mundawo ndi masikweya mita 10,112. Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000, ndipo ekala imodzi ndi pafupifupi 4,047, choncho tili ndi hekitala imodzi ndi kakang'ono, kapena kuti maekala awiri ndi theka. Mukayenda mozungulira kwinako, nambala yachiwiri ndi imene imakula kuposa yoyamba. Musadandaule, ingochotsani yaing'ono pa yaikulu, yankho ndi lomwelo.

Nanga kugawa pawiriko kukuchokera kuti? Tangoganizani kuti mwakhoma chikhomo pamalo amodzi, nkumanga zingwe kuchokera pa chikhomocho kufika pa ngodya iliyonse. Mbali iliyonse ya munda, pamodzi ndi zingwe ziwiri, ikupanga kachigawo ka ngodya zitatu. Kuchulukitsa kopingasa kuja kumapereka kukula kwa kachigawo kameneka kuwirikiza kawiri, nchifukwa chake timagawa pamapeto. Ngati chikhomo chili kunja kwa munda, zigawo zina zimatenga malo amene si anu, koma kuchotsera kuja kumawabweza ndendende. Nchifukwa chake njirayi imagwira ntchito ngakhale pa munda wolowa mkati ngati nyemba, ndipo ngodya zikhale zisanu kapena makumi atatu, kachitidwe kake ndi komweko.

Pali cholakwa chimodzi chimene chimapweteka anthu ambiri, ndipo sichilira belu. Ndicho kusokoneza ndondomeko ya ngodya. Tiyerekeze kuti pokopera m'kope mwalemba D patsogolo pa C. Masamu ayenda bwinobwino, kakyuleta siikana, koma yankho lituluka 4,837.5, kusafika ndi theka lomwe la mundawo. Chachitika nchakuti malire adutsana okha ngati nambala 8, ndipo chigawo china chadya chinzake. Mankhwala ake ndi pepala la timabokosi la ana a sukulu. Ikani timadontho tanu pamenepo, bokosi limodzi kuimira mamita 10, mulumikize motsatana. Ngati chojambulacho sichikufanana ndi munda umene mapazi anu auzungulira, musapitirire. Ine ndimayesanso njira ina yachidule: munda wathuwu ukukwana m'bokosi la mamita 125 ndi 120, lomwe ndi masikweya mita 15,000. Yankho loposa pamenepo ndi lolakwa basi, ndipo lochepera kwambiri liyenera kukukayikitsani.

Tsono tifike pamene pagona nkhani. Masamuwa salakwa ngakhale ndi sikweya mita imodzi, koma manambala amene mwawapatsa ndi ongoyandikira. Chipangizo cha m'manja, kumwamba kuli koyera, chimaphonya kawirikawiri ndi mamita atatu mpaka asanu. Kulemba kuti 10,112.5 kumapatsa chithunzi choti tikudziwa mpaka theka la mita, pamene chimene tikudziwadi nchakuti mundawo uli cha m'ma hekitala imodzi.

Kuphonyako kumaluma mosiyanasiyana. Ngati ngodya zonse zasunthira mbali imodzi, tinene mamita atatu kum'mawa, kukula kwa munda sikusintha konse, chifukwa mwangousuntha wonse. Ichi nchifukwa chake kuli bwino kutenga ngodya zonse pa ulendo umodzi, osati zina m'mawa zina mawa lake, popeza masetilaiti amayenda ndipo kaphonyedwe kamasintha. Ngati ngodya imodzi yokha yaphonya, monga C wa pa mtengo wa mango atasunthira kum'mawa ndi mamita anayi, munda ukula ndi masikweya mita 210, magawo awiri pa 100 aliwonse. Zimenezo munthu angapirire. Choipitsitsa ndi pamene malire onse afutukukira kunja. Kuzungulira munda wa amalume ndi mamita pafupifupi 388, ndipo mukachulukitsa ndi mamita atatu mupeza masikweya mita 1,164, kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi. Sizichitika kawirikawiri kuti ngodya zonse ziphonyere kunja nthawi imodzi, koma munthu amene akuyenda kunja kwa mpanda wa minga poopa kubayidwa amazichita yekha ndi mapazi ake.

Tengani masamu omwewo muwaike pa puloti ya m'tauni ya mamita 20 ndi 30. Kukula kwake ndi masikweya mita 600, kuzungulira kwake mamita 100. Kuphonya kwa mamita atatu kukhoza kuonjezera 300, theka lathunthu la pulotiyo. Apa ndimanena mosabisa: pa puloti ya nyumba, kadimba kapena nazale, siyani GPS m'thumba mutenge tepi. Munda ukamakula m'pamene chipangizochi chimayamba kudalirika, chifukwa mamita atatu a m'mphepete amachepa mphamvu poyerekeza ndi dera lonse la mkati.

Malire okhota, monga otsata mtsinje, amafuna ngodya zambiri, chifukwa masamuwa amalumikiza madontho ndi mizere yowongoka ndipo amadula chilichonse chotumphukira kunja. Koma musathinanitse madontho pa mamita awiri aliwonse, pakuti pamenepo mukhala mukujambula kunjenjemera kwa chipangizo, osati mtsinje. Kwa a kumapiri, monga ku Dedza kapena ku Ntcheu, dziwaninso kuti yankho ndi la munda ngati ukuonedwa kuchokera kumwamba. Nthaka yotsetsereka imene khasu limalima imaposerapo pang'ono, ngakhale kuti pa mtsetse wamba kusiyanako nkochepa kuposa kuphonya kwa chipangizo.

Zipangizo zambiri komanso mafoni ali ndi powerengera kukula kwa malo pamene munthu akungoyenda. Nzothandiza, koma zimalemba paliponse mwaponda, ngakhale pamene munapatuka kulambalala chitsamba, ndipo sizikuuzani kuti zalakwa pati. Manambala a m'kope mukhoza kuwabwereza, kuwajambula, ndi kuwaonetsa mnzanu wa m'malire. Ife tinazungulira kawiri, ulendo wachiwiri mobwerera, ndipo mayankho awiriwo anasiyana pang'ono chabe. Akanasiyana ndi gawo limodzi mwa khumi, tikanabwereranso kachitatu.

Muyeso wotere ndi wokwanira pogula mbewu ndi feteleza, pogwirizana mtengo wa ganyu kapena wa lendi, ndi poona ngati zokolola zikufanana ndi dera lolimidwa. Si wokwanira pa mkangano wa malire kapena pa zikalata za umwini wa malo. Kumeneko kumafunika katswiri woyeza malo wovomerezeka ndi boma, wa zipangizo zoyeza mpaka masentimita, amene amakhoma mabikoni a simenti.

Amalume anayang'ana m'kope muja nthawi yaitali, nkufunsa kuti, "Ndiye theka la ekala lija lapita kuti, mphwanga?" Ndinawayankha kuti silinapite kulikonse, khonje ali pomwe anadzala agogo. Anapinda pepala lija nkuika m'thumba la malaya, ndipo chaka chimenecho aganyu anapangana nawo mtengo wa maekala awiri ndi theka.