Botolo la 1878 lomwe chithunzi chinaliulula

Mu 2017, mlendo wina wa ku China analowa m'bala ya hotelo ya Waldhaus am See, m'tauni ya St. Moritz ku Switzerland, n'kuitanitsa wisiki wa Macallan yemwe botolo lake linalembedwa chaka cha 1878. Anamuthirira kamlingo ka mamililita 20 okha, ndipo iye analipira mafulanki 9,999 a dzikolo. Botololo linali lisanatsekulidwepo chigulireni bambo ake a mkulu wa hoteloyo, zaka 25 m'mbuyomo. Nyuzipepala zinatola nkhaniyi n'kusindikiza zithunzi za botolo ndi mlendo wake.

Zithunzizo n'zimene zinautsa mapiri pachigwa. Akatswiri a wisiki, omwe sanaligwirepo botololo ngakhale kununkhiza zam'kati, anaona kuti chitsekero ndi lebulo sizikugwirizana ndi zaka zomwe ankalitchulira. Zomwe iwo anachita ndi luso lomwe ogulitsa mowa wakale pamsika wa okishoni amadalira tsiku ndi tsiku, poti ambiri mwa makasitomala awo amagula atangoona chithunzi. Maso awo amathamangira malo atatu: pa lebulo, pakamwa pa botolo, ndi pomwe mowa walekezera.

Pa lebulo amayamba ndi mawu. Ya botolo la ku St. Moritz inatchula Roderick Kemp ngati mwini wa Macallan ndi Talisker pamodzi. Koma odziwa mbiri ya mafakitale a ku Scotland amadziwa kuti Kemp anagulitsa gawo lake ku Talisker mu 1892, ndipo m'chaka chomwecho ndi pomwe anagula Macallan. Mafakitale awiriwa sanakhalepo m'manja mwake nthawi imodzi. Wopanga lebuloyo anatola dzina lenileni n'kulimata pamalo olakwika.

Akatha mawu, amaona kakhalidwe ka pepalalo. Pafakitale yamakono lebulo imamatidwa ndi makina, choncho mabotolo a m'katoni imodzi akaimikidwa pamzere, malebulo awo amakhala pamsinkhu umodzi ngati asilikali paperete. Yakutsogolo ndi yakumbuyo zimayang'anizana bwino, ndipo zimatalikirana mofanana ndi mizere iwiri yomwe chikombole chimasiya m'mbali mwa galasi. Lebulo yomatidwa ndi manja kuseri kwa nyumba imapendekeka pang'ono, imachita makwinya, kapena imaonetsa guluu wotuluka m'mphepete. Komabe lamuloli lili ndi malire ake. Vinyo wakale kwambiri ndi wa alimi ang'onoang'ono ankamatidwa ndi manja, kotero kupendekeka kokha si umboni. Palinso mowa wina womwe lebulo yake ndi yopendekeka mwadala: ya Johnnie Walker imakhala chopingasa kuyambira kalekale, ndipo ikanakhala yowongoka ndiye ikanadabwitsa.

Pakamwa pa botolo ndi pomwe akuba amavutikira kwambiri, chifukwa chinyengo chofala ndi chotola botolo lenileni lopanda kanthu n'kulidzaza mowa wotchipa. Galasi ndi lebulo zimakhala zenizeni, koma chitsekero chimakhala chitatsekulidwapo kale. Chitsekero chopotokola cha aluminiyamu chili ndi kamkombero m'munsi mwake, kolumikizidwa ndi timilatho ting'onoting'ono tomwe timaduka munthu akangopotokola koyamba. Pachithunzi chojambulidwa pafupi, timilathoti tiyenera kuoneka tathunthu ndi totalikirana mofanana. Pakakhala mpata wokula mbali imodzi, kadontho kowala ka guluu, kapena zilembo za pachitsekero zosakumana bwino ndi za pakamkombero, ndiye kuti wina anafikapo.

Mabotolo a vinyo ndi wisiki wodula amatsekedwa ndi khungwa la mtengo, kenako amavekedwa kachipewa kachitsulo chofewa. Makina amakafinya kachipewako mpaka kugwira khosi la botolo mosalala. Kakavulidwa n'kubwezeretsedwa, kamachita makwinya m'munsi ndipo sikagwiranso bwino. Chitsulo chake nacho chimanena zaka: tizipewa ta mtovu tinaletsedwa ku Ulaya ndi ku America m'zaka za m'ma 1990, choncho vinyo wa m'ma 1960 wovala kachipewa kopyapyala kamakono amafunika kufotokozedwa. Khungwa lomwe lakhala m'botolo zaka zoposa 100 limada, limafota, ndipo limanyenyeka potsekula. La ku St. Moritz linaoneka lolimba kuposa msinkhu wake.

Chachitatu ndi mlingo. Khungwa silitseka kotheratu, ndiye pakapita zaka mowa umauluka pang'onopang'ono ndipo mpata wa pakati pa chitsekero ndi mowa umakula. Ogulitsa vinyo wa ku Bordeaux, yemwe botolo lake lili ndi mapewa ooneka bwino, amatchula mlingowu potengera thupi la botolo. Vinyo wamng'ono amafika m'khosi. Wa zaka 20 kapena 30 akhoza kutsikira patsinde pa khosi kapena pamwamba pa phewa, ndipo palibe amadandaula. Akafika pakati pa phewa ogula amayamba kukayika, ndipo akatsika kuposa apo mtengo umagwa, poti mpweya wambiri umakhala utalowa n'kuwononga vinyoyo. Botolo la ku Burgundy lili ndi mapewa otsetsereka, choncho kumeneko amangoyeza masentimita kuchokera pansi pa khungwa.

Mlingo umachenjeza mbali zonse ziwiri. Botolo la chaka chatha lomwe latsika kale mpaka paphewa likudontha kapena linakhala padzuwa. Botolo la zaka 60 lodzaza mpaka m'khosi nalo limadzutsa mafunso, pokhapokha patakhala chikalata chosonyeza kuti eni fakitale analiwonjezera n'kulitsekanso, monga imachitira kampani ya Penfolds ya ku Australia. Mabotolo atsopano a m'katoni imodzi ayenera kulekezera pamzere umodzi, pakuti makina odzazira salumpha chonchi ndi chonchi.

Kuti zonsezi zioneke, chithunzicho chiyenera kujambulidwa moyenera. Botolo liime chilili pamalo osalala, kamera ikhale pamsinkhu wa khosi, kuwala kuchokere kumbuyo kuti mzere wa mowa uonekere m'galasi lakuda. Kamera ikayang'ana kuchokera pamwamba kapena pansi, mlingo umanama, ndipo dzanja la wogulitsa likhoza kuphimba kamkombero kothyoka. Wogula wochenjera, kaya ali pa okishoni ku London kapena watumiziridwa chithunzi pa WhatsApp, amapempha zithunzi zinayi: kutsogolo, kumbuyo, chitsekero chapafupi, ndi botololo litaima pambali pa linzake.

Chomwe chithunzi sichingachite n'kulawa. Sichingaonetse ngati m'botolo muli methanolo, mowa wapoizoni womwe umachititsa khungu ndi kupha, ndipo botolo lokonzedwa mwaluso likhoza kupambana mayeso onse atatu. Ku St. Moritz nako zithunzi zinangodzutsa chikayiko. Chigamulo chinachokera ku labotale. Hoteloyo inapereka mowa wotsalawo kwa akatswiri a Rare Whisky 101. Ofufuza a pa yunivesite ya Oxford anayeza kaboni wa m'mowawo, yemwe kuchuluka kwake m'mbewu kunasintha mayiko atayamba kuyesa mabomba a nyukiliya, ndipo anapeza kuti mwayi unali 95 pa 100 woti unapangidwa pakati pa 1970 ndi 1972. Labotale ya Tatlock and Thomson inapezanso kuti sunali wa chimera cha balere chokhachokha monga Macallan weniweni, koma wosakaniza: magawo 60 a chimera ndi 40 a mbewu zina.

Zotsatirazi zitatuluka, mkulu wa hoteloyo, Sandro Bernasconi, anakwera ndege kupita ku China kukabweza yekha ndalama zonse kwa mlendo uja.