Zipsera za pa Chishango cha M'gemu Ndi Chithunzi Chabe

Amene anasewerako Doom 3, gemu yomwe inatuluka mu 2004, amakumbukira zilombo za makwinya ndi mitsempha yotupa pakhungu. Komatu ambiri mwa makwinyawo sanali osemedwa pa zilombozo. Chinali chithunzi chonamiza kuwala, chomwe opanga magemu amachitcha nomo mapu.

Tiyerekeze kuti mmisiri akupanga chishango cha msilikali. Amayamba wachisema pakompyuta, mu ZBrush kapena Blender, mpaka zipsera za mikondo ndi mitu ya misomali zioneke bwino. Chishango chotere chingakhale ndi timapoligoni 2 miliyoni, ndipo zinthu zolemera chonchi zikachuluka, gemu imayamba kudukizadukiza. Choncho amapanga chachiwiri chosalala, cha timapoligoni 3,000 tokha, n'kutambasula khungu lake lonse pa chithunzi chimodzi, monga amakhomera chikopa pansi kuti chiume.

Kenako amavundikiza zishango ziwirizo pamalo amodzi. Mu Blender amasankha Cycles, pa Bake Type n'kuika Normal, n'kuchonga Selected to Active. Amadina chosemedwa chija poyamba, chosalala pomaliza, kenako Bake.

Pa kadontho kalikonse ka chithunzi, kompyuta imaponya kamzere kuchokera kunja kwa chishango chosalala kulowa mkati. Kamzereko kakagunda chosemedwa, kompyuta imaona kumene malowo apenya, n'kulemba yankho mwa mitundu itatu: kufiira kumanena za kumanja ndi kumanzere, kubiriwira za kumwamba ndi kumunsi, buluu za kutsogolo. Malo osapendekeka amalembedwa 128, 128, 255, n'chifukwa chake chithunzichi chimaoneka cha buluu wopita ku pepo. M'gemu, kuwala kumatsata mitunduyi, ndipo diso limaona chipsera pamalo osalala.

Pamene pamavuta kwambiri ndi poyambira timizereto, pomwe amapasintha ndi Extrusion. Nambala ikachepa, timizere timayambira mkati mwa misomali yotumphuka, ndipo mitu yake imatuluka yodukaduka kapena ya mabala. Ikakula mopyola, timizere ta kuseri kwa chishango timayambira kupitirira chogwirira, n'kuchidinda pamalo osayenera. Mmisiri wodziwa amakweza nambalayo pang'onopang'ono mpaka chosemedwa chonse chaphimbika, kapena amachotsa chogwirira n'kuchibeka pachokha.

Mtundu wobiriwira nawo uli ndi msampha wake. Blender ndi Unity amauwerenga mofanana, pomwe Unreal Engine amauwerenga mozondoka. Zikasemphana, msomali umaoneka ngati dzenje kuwala kukachokera kumwamba, ndipo mu Unreal amazikonza pochonga Flip Green Channel.

Pali chimodzi chomwe nomo mapu singathe: kusintha m'mphepete mwa chinthu. Chishango chikapenyedwa cham'mbali, misomali ija imaphwatalala, chifukwa palibe chotumphuka chenicheni. Motero ngati mkondo unabenthula m'mphepete mwa chishango, mmisiri amadula pobenthukapo pa chishango chosalala chomwe, ngakhale ziwonjezere timapoligoni tingapo.