Osayankha kasitoma akalibe kusiliza kukamba, olo ndimwe makina

Mukalemba meseji pa WhatsApp, mumalemba vonse pamodzi? Ambili a ise ayi. Tiyamba na "Muli bwanji", tatuma. Kenaka hafu ya nkhani, tatuma. Yosala ibwela pambuyo, maka-maka ngati tili mu minibasi, dzanja limodzi pa foni, linzake lifuna chenji ya kondakita. Munthu mnzathu aziwa kuti tikali kubwela, so alindila. Koma chatiboti, kaja kamakina koyankha makasitoma keka, sikaziwa ivi ngati simunakaphunzise. Ngati muli na kabizinesi, olo abwana akupasani nchito yokonza mayankho a makina, apa mpamene makasitoma ambili amakalipila.

Tiyelekeze kuti mugulisa gasi yophikila mu Chawama, mupelekela anthu pa nyumba. Amai ena alemba "Muli bwanji". Papita masekondi 9, yafika ina: "nalipila gasi mailo koma". Papita masekondi ena 12, yafika yosilizila: "siinafike, oda 4471".

Chatiboti yopupuluma iyankha katatu. Pa moni itulusa mndandanda wa mitengo. Ikaona liu lakuti "nalipila", ituma malangizo a kalipilidwe kwa munthu wamene walipila kale. Meseji yachitatu ikafika, makina akali kulindila kuti amai asankhe 1 olo 2, so ayankha kuti "Sitinamve, yesaninso." Funso yenze imodzi chabe, koma mayankho atatu onse aphonya. Amai aja manje aganiza kuti ndalama yao yadyewa.

Mankhwala yake ni kawochi kolindila. Meseji ikafika, makina sayankha pamene apo. Aisunga na kuyamba kupenda masekondi. Ikafika ina nthawi ikalibe kusila, aiika pamodzi na yoyamba, kawochi nako kayambilanso pa zilo. Kasitoma akakhala zii mpaka nthawi yasila, mpamene makina awelenga vonse monga meseji imodzi na kuyankha kamodzi. Ngati mufuna kuona mwamene anzanu amalembela ivi mu pulogalamu, sakilani liu lakuti `debounce`.

Mwina mufunsa kuti bwanji makina sangoona chabe kuti munthu akali kulemba, monga mwamene imwe mumaonela pa foni yanu. Pa WhatsApp Business Platform, yamene machatiboti amasewenzesa, makina alandila chabe meseji yamene yatumiwa. Chizindikilo chakuti kasitoma ali pakati polemba sichifika. So mufunika kuyeza na vinthu viwili: nthawi, na mau amene meseji yasilila.

Nanga mulindile masekondi angati? Mu 2019, ofufuza a ku mayunivesiti a Aalto, Cambridge na ETH Zurich anayesa anthu pafupifupi 37,000, anapeza kuti pa foni munthu alemba mau pafupifupi 36 pa mineti. Apo ni monga malemba atatu pa sekondi. Meseji ija ya "nalipila gasi mailo koma" ili na malemba 24 kuphatikiza mipata, so ni masekondi 8. Ndipo mukalemba Chinyanja foni imakonda kusintha mau anu kuyesa ni Chizungu, mwafuta, mwayambanso. Mwaona kuti kawochi ka masekondi 3 sikangagwile munthu wamene akali kulemba mzele wachiwili.

Koma kulindila maningi nako kuli na vuto. Jakob Nielsen, katswili wa kasewenzesedwe ka makompyuta, analemba mu 1993 kuti masekondi 10 ni malile: mukapitilila popanda chizindikilo chilichonse, maganizo a munthu achoka pa chamene enze kuchita. Ndiye chifukwa nthawi imodzi siikwana pa mameseji onse. Meseji yamene ioneka yathunthu, monga ili na nambala ya oda olo isilila na chizindikilo cha funso, lindilani masekondi 3 chabe. Moni weka, olo meseji yosilila na "koma", "na", "kuti", "chifukwa" olo "ya", ipaseni masekondi 15, chifukwa palibe munthu amasiliza nkhani na mau aya. Pa nthawi yolindila, uzani makina achonge meseji kuti yawelengewa. Matiki abuluu auza kasitoma kuti kuli wamene amvela. Ikaninso malile, tinene masekondi 45 kuchokela pa meseji yoyamba, kuti wolemba tuzidutswa tosasila naye ayankhiwe. Manambala aya ni poyambila, muzawasintha mukaona makasitoma anu.

Tibwelele kwa amai a gasi. Moni wafika, kawochi kayamba masekondi 15. Pa sekondi 9 yafika yosilila na "koma", kayambanso. Pa sekondi 21 yafika ya nambala ya oda, manje kalindila masekondi 3 chabe. Pa sekondi 24 yankho ituluka imodzi: "Tili bwino amai, pepani kuti gasi siinafike. Tiona oda 4471 manje-manje."

Nanga ngati pambuyo pa "koma" sikunabwele chilichonse? Mwina bandulo yasila, foni yazima na malaiti, olo mwana walila. Apa mpofunika kukumbusa mwaulemu. Osalemba kuti "Meseji yanu ni yolakwika", chifukwa munthu sanalakwe, wadukizidwa chabe. Osamuuza kuti ayambilenso, kaili walemba kale. Bwezani vamene mwamva, funsani funso imodzi: "Taona kuti munalipila gasi mailo. Chavuta n'chani? Silizani kulemba, olo dinani apa." Pansi ikani mabatani. WhatsApp ilola mabatani oyankhila atatu chabe, lililonse malemba osapitilila 20, so sankhani bwino: "Siinafike", "Nifuna lisiti", "Nikambe na munthu".

Kumbusani kamodzi. Ngati akali zii pakapita mamineti 10, lembani kuti nkhani yake mwaisunga, akabwela azapitiliza pamene anasiyila, basi. Kutuma "Mulipo?" kasanu kumapangisa munthu kukutsekani. Ziwaninso kuti WhatsApp ikupasani maawa 24 kuchokela pa meseji yosilizila ya kasitoma kuti muyankhe mwaufulu. Akapita, mungatume chabe mameseji okonzelatu amene Meta inavomeleza. Ndipo makina akalephela kumva kawili kotsatizana, nkhani ipite kwa munthu, maka-maka ngati ni ya ndalama.

Muzaziwa bwanji kuti kawochi kanu kali bwino? Pa Sondo khalani pansi, welengani makambilano 50 a sabata ija. Ngati nthawi zambili meseji ya kasitoma ifika masekondi ang'ono pambuyo pa yankho ya makina, ndipo ipitiliza nkhani yakale, ndiye kuti mumudula pakamwa: onjezani nthawi. Ngati muona "Halo?" na "Kuli munthu?" yankho ikalibe kutuluka, mwachedwa: chepesani. Lembaninso mau amene mameseji oduka asilila, muwaonjeze pa mndandanda uja, kuphatikiza a Chibemba na Chizungu, chifukwa mu Lusaka timasakaniza. Netiweki ikavuta, mameseji atatu angafike pamodzi olo mosinthana, so makina awandandalike kulingana na nthawi yamene anatumiwa.

Imwe amene musewenzesa WhatsApp Business ya mahala pa foni, mulibe kawochi aka. Meseji ya moni ituluka pamene apo kasitoma akalemba koyamba, olo akabwela pambuyo pa masiku 14 a zii. So osaikamo mafunso olo mitengo. Lembani chabe: "Takulandilani. Lembani vonse, olo pang'ono-pang'ono, tizayankha mukasiliza." Apa kawochi ndimwe: mukaona chizindikilo chakuti kasitoma akali kulemba, chosani chala pa batani yotumila mpaka chizime.