Pokonzekera mtsutso, gawani tsamba pawiri

Ophunzira ambiri akapatsidwa nkhani yoti awerenge pokonzekera mtsutso wa m'kalasi amathamangira kufunsa kuti, "Ife tili mbali iti?" Akauzidwa, amawerenga motola zokomera mbali yawoyo, zina zonse n'kuzidumpha. Maganizo awo ndi akuti kulemba mfundo za otsutsana nawo n'kutaya nthawi, mwinanso kudzifooketsa wekha. Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Koma mumtsutso munthu sagwa poyala mfundo zake, amagwa poyankha, pamene anzake atulutsa mfundo imene iye sanaionepo. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri mfundoyo imakhala ili m'nkhani yomweyo, m'ndime imene anaidumpha.

Tiyerekeze kuti mutu ndi wakuti, "Maphunziro aulere a pulayimale athandiza Malawi." Nkhani imene mwapatsidwa ikufotokoza kuti boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi mu 1994, chiwerengero cha ana asukulu chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ikunenanso kuti boma linalemba aphunzitsi masauzande ambiri amene anali asanapite kukoleji, ndi kuti zipinda zitachepa ana ena ankaphunzirira pansi pa mitengo. Werengani kaye nkhani yonse cholembera chili pansi. Kenaka lembani mutuwo pamwamba pa tsamba ndendende monga waperekedwera, jambulani mzere pakati, ovomereza kumanzere, otsutsa kumanja. Powerenga kachiwiri ndi pamene muyambe kutola.

Apa pali chikhulupiriro china chimene chimasokoneza ngakhale ophunzira akhama, chakuti mawu aliwonse amphamvu a mlembi ndi umboni. Mlembi akanena kuti maphunziro analowa pansi, wangotchula mfundo, sanaonetse kanthu. Umboni ndi chimene munthu wina angathe kukachifufuza payekha: chaka, chiwerengero, lamulo, kapena chinthu chodziwika kuti chinachitika. N'chifukwa chake mfundo iliyonse iyenera kukhala ndi mizere itatu. Woyamba ndi mfundoyo m'mawu anuanu, wachiwiri ndi umboni pamodzi ndi nambala ya ndime imene mwautenga, wachitatu ndi chifukwa chimene umboniwo ukuchirikizira mfundoyo. Kumanzere mungalembe kuti fizi inkatsekereza ana a m'mabanja osauka. Umboni wake, ana oposa 1 miliyoni anawonjezeka fizi itangochotsedwa. Chifukwa chake, anthu ochuluka chotero sakanabwera nthawi imodzi chikhala kuti chimene chinkawaletsa sichinali ndalama. Mzere wachiwiri ukasowa cholemba, ikanipo chizindikiro cha funso, ndipo musaidalire mfundoyo mpaka mutaipezera umboni.

Mzere wachitatuwo ndi umene ambiri amauona ngati wongodzaza kope, chonsecho mtsutso weniweni uli pamenepo. Amauderera chifukwa amakhulupirira kuti umboni uli ndi mwini wake, kuti chiwerengero ukachilemba kumanzere ndiye kuti kumanja sichingapitenso. Taonaninso ana oposa 1 miliyoni aja. Otsutsa akhoza kuwatenga omwewo n'kunena kuti anafika zipinda, mabuku ndi aphunzitsi zisanakonzedwe, choncho kuchuluka kwawo n'kumene kunachititsa kuti mphunzitsi alephere kuona makope a ana onse. Chiwerengero n'chimodzimodzi, chasintha ndi chifukwa chokha. Chilembeni mbali zonse ziwiri, muchilumikize ndi muvi wodutsa mzere wapakati uja. Pamene pali muvi ndi pamene mbali ziwiri zidzakanganire kwambiri, choncho yankho lanu likonzedwe pomwepo.

Muviwo umaululanso chinthu china: mbali ziwirizi zikumva mosiyana mawu akuti "athandiza". Ovomereza akuwerengera ana amene analowa m'kalasi, otsutsa akufunsa zimene anawo anatulukamo nazo. Dziwaninso malire a umboni wanu. Chiwerengero cha olembetsa sichinena kuti ndi angati anafika Sitandade 8, ndiye wovomereza asachikokere kumene sichifika. Nayonso nkhani ya mitengo siinena kuti vutolo linali m'sukulu zingati, ndipo wotsutsa wanzeru amalemba zimenezi m'mphepete mwa tsamba anzake asanamufunse.

Ena amada nkhawa akaona kuti kumanzere kuli mfundo zinayi pamene kumanja kuli ziwiri, n'kuyamba kupeka zodzazira. Palibe chifukwa. Kusiyanako mwina kukungoonetsa kumene mlembi anapendekera, ndipo n'chizindikiro choti mbali yoperewerayo muifufuzire m'buku lina kapena mufunse aphunzitsi. Njira yabwino yoyesera notsi zanu ndi kupatsa mnzanu wa mbali inayo awerenge zimene mwalembera mbali yake. Akati, "Ife sitinganene chonchi," ndiye kuti mwawalembera mfundo zofooka zoti musavutike kuzigwetsa, ndipo muzilembenso mpaka iye avomere kuti akhoza kuimirira nazo kutsogolo kwa kalasi.