Makina a khofi akayamba kudontha mwaulesi

Makina ofulira khofi akamangodontha pang'onopang'ono uku akufwentha nthunzi, mlandu ndi laimu wa m'madzi, yemwe uja amayeretsa pansi pa ketulo. Madzi a pamjigo ndiye amanyanyira. Laimuyo amatseka kapaipi kotenthetsera madzi, choncho madzi amachedwa pa khofi wopera n'kukoka kuwawa konse.

Sakanizani viniga woyera ndi madzi, theka ndi theka, mudzaze thanki. Ikani pepala losefera lopanda khofi, muyatse. Madzi akatsika theka, zimitsani kwa mphindi 30 kuti laimu asungunuke, kenako malizitsani. Tsukuluzani poyendetsa madzi okhaokha katatu, apo ayi mudzamwa khofi wonunkha viniga.

Akapitiriza kuwawa, tsukani sefa ndi jagi ndi sopo: mafuta a khofi wakale viniga sawatha.