Chifukwa chake mkaka umakhala kumapeto kwa sitolo

Mukalowa m'sitolo yaikulu kukagula buledi ndi mkaka, nthawi zambiri mumazipeza kumapeto kwenikweni. Amachita dala. Mwini sitolo amafuna kuti mudutse mashelefu ambiri, chifukwa munthu amagula zimene waona.

Pashelefu, malo oyang'anizana ndi maso ndiwo amalonda kwambiri. Katundu wopindulitsa amamuika pamenepo, pomwe wotsika mtengo amakhala pansi, moti muyenera kuwerama. Maswiti amakhala pafupi ndi polipirira, pamene mwana angafikire mayi ake ali pamzere.

Nyimbo nazonso zimagwira ntchito. Mu 1982, Ronald Milliman anafalitsa kafukufuku wa m'sitolo ina ku America. Anapeza kuti nyimbo zapang'onopang'ono zinkachititsa ogula kuyenda mosafulumira, ndipo ankagula zambiri kuposa poimba nyimbo zothamanga.

Koma nzeruzi zili ndi malire. Tinjira tikapanikizana kapena mzere ukatalika, anthu amasiya mabasiketi n'kutuluka. Mabasiketi osiyidwawo ndiwo chizindikiro choti zalakwika.

Inu ogula, lembani zofunika musanachoke pakhomo, ndipo yang'anani shelefu yapansi musananyamule kanthu.