Kalata yothetsa chibwenzi zolinga zikasiyana

Kalata yothetsa chibwenzi imalembedwa pamene awiri okondana azindikira kuti zofuna zawo pa moyo n'zosiyana, mwachitsanzo wina akufuna ana pomwe mnzake sakuwafuna.

Chiganizo choyamba chimanena mosabisa kuti chibwenzi chatha. Kenako wolemba amatchula chifukwa chimodzi chenicheni: iye akufuna banja la ana, ndipo sangakakamize mnzakeyo kusintha maganizo. Amathokoza pa zabwino zimene anachitirana, osakumba zolakwa zakale.

Mawu akuti “mwina m'tsogolo” amawononga kalata, chifukwa wolandirayo amayamba kudikira. Kalata yotere imadziwika ndi yankho lake lopempha nthawi.

Pomaliza, kalata imafotokoza za kubweza katundu ndi ngongole. Ngati panali chinkhoswe, ankhoswe amauzidwa pamaso.